Tepi yoyera ili ndi malo ake

Pansi pa beseni la m'bafa pakayamba kudontha, ambirife timathamangira tepi yoyera ya mapulambala n'kukulunga paliponse pamene taona mazinga. Mawa lake pansi panyowanso. Tepiyo ilibe mlandu, koma timaiika posayenera.

Tepi imagwira ntchito pamene mazinga eniakewo ndiwo akutseka madzi, monga pomanga mpopi wapanja m'soketi ya paipi yachitsulo. Pamenepo pukutani mazinga, muloze kumapeto kwake kwa inu, ndipo muzungulize tepi moikoka, motsata mmene mivi ya wotchi imayendera. Mukazunguliza mobwerera, tepi imamasuka pomanga n'kuunjikana kunja. Mazinga oyambirira muwasiye, kuti tizidutswa ta tepi tisalowe mumpopi.

Cholumikizira chofinya, chimene timagwiritsa ntchito papaipi yakopa ya mamilimita 15 yopita kumpopi wa beseni, n'chosiyana. Chili ndi nati ndi kamphete kamkuwa. Mukamanga nati, kampheteko kamafinyika n'kuluma paipi, ndipo ndiko kamatseka madzi. Mazinga amangokoka nati basi, choncho kuwakulunga tepi n'kungoiwononga, mwinanso kulepheretsa nati kufika pofinya bwino. Dulani paipi mowongoka, chotsani tizitsulo totsalira m'mphepete, lowetsani nati kenako kamphete, ndipo mukankhe paipi mpaka igunde mkati. Mangani ndi dzanja, kenako gwirani cholumikiziracho ndi sipanala imodzi, inayo muzungulize nati pafupifupi theka la ulendo kapena kupitirirako pang'ono. Pakadontha, onjezerani pang'ono chabe.

Chimene chimandipweteka mtima n'kuona munthu akukoka sipanala ndi mphamvu zake zonse. Kamphete kakaphwanyika, paipi imabonyoka, ndipo mukamasula mumapeza yachita kakhosi. Zikatero palibenso chomanga: dulani chigawocho, muike kamphete katsopano. Ngati kamphete kakale kali bwinobwino koma kakungotuluka thukuta, apo mpamene tepi ingathandize, mukaikulunga kawiri kapena katatu pakamphetepo.

Paipi yotayira madzi a m'beseni nthawi zambiri imakhala yapulasitiki, ya mamilimita 32. Apa chotseka madzi ndi mphira yosongoka mbali imodzi. Nati iyambe kulowa, kenako kamphete kapulasitiki, mphira pomaliza, mbali yosongokayo italoza kucholumikizira. Mphira yotembenuzidwa kapena yopindika ndiyo imadonthetsa madzi kawirikawiri, makamaka pa kachigongono kamene kamasunga madzi otsekereza fungo. Manati apulasitikiwa amafuna dzanja lokha; sipanala imawang'amba.

Mukamaliza, pukutani ponse paume, tsekani beseni, lidzazeni, n'kutsegula kuti madzi atsike onse nthawi imodzi. Yendetsani pepala louma palumikiziro lililonse kuyambira pamwamba, chifukwa dontho limatsetsereka m'paipi n'kukaonekera pena. Mbali ya mpopi mudzaionenso m'mamawa, poti m'matauni mwathu madzi amawonjeza mphamvu usiku anthu akatseka mipopi.