Msonkho wa lendi: lisiti ndiye mboni ya mwini nyumba

Chitsegulireni chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami mu Disembala 2022, pomwe atsogoleri a Malawi ndi Zambia adakhazikitsa dongosolo loti apaulendo ndi katundu aziima pamalo amodzi, nyumba zochititsa lendi zasanduka munda wachiwiri kwa mabanja ambiri a ku Mchinji. Makampani othandiza amalonda kuombola katundu akufuna maofesi, ogwira ntchito m'boma akufuna pogona, nawonso ogula mtedza ndi soya akufuna mosungira. Kuyambira pachipata, kudutsa paboma mpaka ku Kamwendo, amene ali ndi nyumba yamalata sakusowa woibwereka.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama ya lendi ndi phindu ngati lina lililonse, ndipo malamulo a msonkho m'dziko muno amafuna kuti mwini nyumba aiulule ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority (MRA). Izi zili choncho kaya wobwereka nyumbayo ndi Mmalawi kapena wochokera ku Chipata, kaya amalipira m'ndalama ya kuno kapena ya ku Zambia. Nyumba ikakhala pa nthaka ya Malawi, ndalama imene ikubala imatengedwa kuti yapezeka m'Malawi.

Ife sitikuona chifukwa choti eni nyumba azithawira kuseri akamva nkhaniyi. Lamulo lomwelo limene limafuna msonkho limavomerezanso kuti nyumba imadya ndalama. Msonkho suwerengedwa pa lendi yonse imene munthu walandira, koma pa zotsala akachotsa zimene wagwiritsa ntchito kuti lendiyo ipezeke. Vuto ndi loti ambiri sadziwa zimene zimaloledwa kuchotsa, ndipo amene akudziwa alibe mapepala otsimikizira. Mapeto ake ena amalipira mopitirira muyeso, ena amabisala mpaka tsiku lodzawapeza ndi chindapusa.

Tiyambe ndi zokonzetsa. Apa pali malire amene aliyense ayenera kuwamvetsa. Kukonza ndi kubwezera chinthu mwakale: kuchotsa malata odontha n'kuika ena, kumata ming'alu, kupaka penti pamene yakale yasuluka, kusintha chitseko chimene chadyedwa ndi chiswe, kapena kupopa dzenje la chimbudzi. Ndalama zotere zimachotsedwa pa lendi ya chaka chomwecho. Koma kumanga chimene panalibe si kukonza. Mpanda wa njerwa pamene kale panali poyera, chipinda choonjezera, nyumba ya kuseri, kapena kukumba mjigo, zonsezi n'zokuza chuma cha mwini wake, ndipo sizichotsedwa ngati zokonzetsa.

Funso losavuta lodzifunsa ndi ili: kodi ntchito itatha, nyumbayi yangobwerera m'mene inalili, kapena yakula ndi kukwera mtengo? Ngati yangobwerera mwakale, ndiye kuti mwakonza. Ngati yakula, mwaonjezera mpamba. Ngakhale zili choncho, malisiti a zomanga zatsopano asatayidwe, chifukwa adzafunika tsiku limene nyumbayo idzagulitsidwe, powerengera phindu lenileni la malondawo.

Chachiwiri ndi inshulansi. Ndalama imene mwini nyumba amapereka pachaka poteteza nyumba yochititsa lendi ku moto kapena mphepo yamkuntho imaloledwa kuchotsa. Koma inshulansi ya moyo wake, ya maliro, ya galimoto ya banja kapena ya nyumba imene iye mwini akugonamo, siikhudzana ndi lendi. Pepala la inshulansi lizionetsa bwino nyumba imene yatetezedwa.

Chachitatu, chomwe chimasokoneza ambiri, ndi ngongole. Munthu akamabweza ngongole ku banki mwezi ndi mwezi, m'ndalama imeneyo muli zinthu ziwiri: gawo lobweza ndalama imene adakongola, ndi chiwongoladzanja. Chimene chimachotsedwa pa lendi ndi chiwongoladzanja chokha. Kubweza mpamba si kuwononga ndalama, ndi kumaliza kugula nyumba yako yomwe. N'chifukwa chake pakutha pa chaka ndi bwino kupempha banki kapena Sacco kuti ikupatseni sitetimenti yolekanitsa ziwirizi.

Chinanso, a msonkho amayang'ana ntchito imene ngongoleyo idagwira, osati chikole chake. Ngati munthu wapereka nyumba ya lendi ngati chikole koma ndalamazo n'kukagulira minibasi, feteleza kapena kulipirira ana sukulu, chiwongoladzanja chimenecho si cha nyumbayo. Ngongole iyenera kukhala yogulira, kumangira kapena kukonzera nyumba imene ikubweretsa lendi. Za katapila ndiye osanena: popanda pepala, palibe chochotsa.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze za mphunzitsi amene ali ndi nyumba pafupi ndi chipata, ndipo waibwereketsa kwa kampani yoombola katundu pa K300,000 pamwezi. Pachaka ndi K3,600,000. M'chakacho wawononga K500,000 kusintha malata ndi kupaka penti, K150,000 ya inshulansi, ndipo ku banki wapereka K1,800,000, mwa imene K750,000 ndi chiwongoladzanja. Wamanganso mpanda watsopano wa K1,200,000.

Mumtima mwake akuona kuti ndalama zonse zatha, ndipo n'zoona. Koma pa msonkho, mpanda sulowa, ndipo K1,050,000 yobweza mpamba wa ngongole siilowanso. Zolowa ndi zitatu zija: K500,000, K150,000 ndi K750,000, zomwe pamodzi ndi K1,400,000. Tikachotsa pa K3,600,000 patsala K2,200,000. Imeneyi ndiyo ndalama yoyenera msonkho.

Phindu limeneli limaphatikizidwa ndi ndalama zina zimene munthuyo amapeza, monga malipiro apantchito, ndipo mlingo wa msonkho umatengera kuchuluka kwa zonse pamodzi. Tiyerekeze kuti phindu lonseli lagwera pa mlingo wa K30 pa K100 iliyonse. Msonkho wake ukhala K660,000. Koma ngati alibe lisiti ngakhale limodzi, a msonkho ali ndi mphamvu yokana zochotsazo n'kuwerengera pa K3,600,000 yonse, ndipo msonkho ukhala K1,080,000. Kusiyana kwake ndi K420,000, ndalama yoposa lendi ya mwezi wathunthu, yotayika chifukwa chosasunga mapepala.

Nkhani sithera pomwepa. Wobwereka nyumba akakhala kampani, bungwe kapena nthambi ya boma, lamulo limamulamula kudula gawo la lendi asanalipire mwini nyumba, n'kulitumiza yekha ku MRA. Eni nyumba ambiri amakwiya nazo poganiza kuti akuberedwa, ena mpaka kukweza lendi. Chimene ayenera kuchita ndi kufunsa satifiketi yosonyeza ndalama imene yadulidwa, yolembedwa m'dzina lawo ndi nambala yawo ya msonkho, ija amati TPIN. Ndalama imeneyo siinatayike. Ndi msonkho wolipiriratu.

Tibwerere kwa mphunzitsi uja. Ngati kampaniyo imadula K20 pa K100 iliyonse, ndiye kuti imachotsa K60,000 pamwezi, K720,000 pachaka. Taonani kuti kudulaku kumachitika pa lendi yonse, mosayang'ana malata kapena ngongole. Ndi pamene mwini nyumba wapereka fomu yake ya pachaka pomwe zochotsa zija zimawerengedwa. Kwa mphunzitsi wosunga malisiti, msonkho woyenera ndi K660,000 pomwe K720,000 idapita kale, kusonyeza kuti walipira mopitiriza ndi K60,000, imene angapemphe kuti ibwezedwe kapena iwerengedwe pa msonkho wina. Kwa mnzake wopanda mapepala, pakufunikabe K360,000 yoonjezera. Nyumba ndi imodzi, lendi ndi imodzi, kusiyana ndi envulopu ya malisiti basi. Milingo imeneyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho ndi bwino kufunsa mlingo wa chakacho musanawerenge, koma kawerengedwe kake ndi komweka.

Pali eni nyumba ambiri m'misika yathu amene amagona kuseri, kutsogolo n'kubwereketsa kwa wagolosale kapena wa saluni. Apa ndalama ziyenera kugawidwa mwachilungamo. Ngati theka la nyumba ndilo lili pa lendi, ndiye kuti theka la inshulansi, theka la chiwongoladzanja ndi theka la ndalama yokonzera denga ndizo zichotsedwe. Koma ngati chokonzedwacho chili mbali ya lendi yokha, monga chitseko cha golosaleyo, ndalama yonse imalowa. Kuika penti ya kuchipinda kwanu pa akaunti ya lendi ndi kudziputira mlandu.

Tikudziwa dandaulo la ambiri: mmisiri wa m'mudzi sapereka lisiti, ndipo mchenga ndi njerwa zimagulidwa pamanja. Ili ndi dandaulo lomveka, koma lili ndi potulukira. Simenti, malata ndi penti zigulidwe m'sitolo zopereka lisiti. Mmisiri alembe pa pepala ntchito imene wagwira, tsiku, nyumba ndi ndalama, n'kusainira, ndipo ngati n'kotheka alipidwe kudzera pa foni kapena ku banki kuti pakhale umboni wachiwiri. Amene wagula zipangizo ku Chipata asunge lisiti la sitolo pamodzi ndi mapepala a pachipata. Malisiti a m'makina amafufutika msanga, choncho ajambulidwe akadali owerengeka. Ndipo pangano la lendi likhale lolembedwa, chifukwa ndilo limasonyeza ndalama yeniyeni imene ikulowa.

Nalo bungwe la MRA lili ndi mbali yake. Anthu a ku Mchinji amaliona tsiku ndi tsiku pachipata likuwerenga katundu, koma ndi angati amene adafotokozeredwa m'Chichewa kusiyana kwa kukonza ndi kumanga? Njira ya pa makina ya Msonkho Online ndi yothandiza kwa amene ali ndi kompyuta ndi wowerengera ndalama, koma mayi wamasiye amene akudalira nyumba ziwiri zimene adasiya mwamuna wake akufunika munthu wokhala naye pansi. Tikupempha kuti misonkhano ya eni nyumba izichitika m'misika ngati pa Kamwendo, Mkanda ndi Kapiri, ndipo malangizo a zochotsa alembedwe m'chilankhulo chimene anthu amamva. Komanso amene walipira mopitiriza azibwezeredwa msanga. Munthu akaona mnzake wabwezeredwa zake, sadikira kukokedwa kuti akalembetse.

Kwa eni nyumba, mawu athu ndi awa: safunsa adadya phula. Lembetsani kuti mukhale ndi nambala ya msonkho, ululani lendi yonse, ndipo chotsani zonse zimene lamulo likulola, osapyola apo. Gulani kope limodzi ndi envulopu imodzi pa nyumba iliyonse, ndipo muyambe ndi lendi ya mwezi uno. Boma litenge zake, koma lisatenge zanu chifukwa choti lisiti la malata lidakulungidwira mandasi.