Werengani masiku musanasankhe ntchito

Ine ndi anzanga atatu tikukonza pulogalamu yolembera fizi ya sukulu ina ya sekondale kuno ku Domasi. Atatuwo ndiwo amalemba khodi. Ine ndimasunga bakilogi, mndandanda wa zonse zimene sukulu ikufuna, ndipo zofunika kwambiri ndimaziika pamwamba. Masabata awiri alionse timakhala pansi Lolemba m'mawa n'kutapapo ntchito zoti tigwire. Masabata awiri amenewa ndiwo timati sipulinti.

Njira imeneyi ndi ya Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. Buku lawo limati sipulinti isapose mwezi, ndipo msonkhano wokonzekera wa mwezi wathunthu usapose maola 8. Ife wa masabata awiri timaupatsa maola anayi, koma ola loyamba sitigwira bakilogi ayi. Timawerenga masiku.

Pa kalendala, anthu atatu kwa masiku 10 ogwira ntchito ndi masiku 30. Sipulinti yathu ya mu Januwale inali ndi holide ya John Chilembwe pa 15, ndiye masiku atatu anachoka. Mmodzi wa ife amaphunzitsa masiku awiri pa sabata, anayi enanso apita. Misonkhano yokonzekera ndi yokaonetsa ntchito kusukulu imadya tsiku lathunthu la munthu aliyense. Tinatsala ndi 20. Kenaka tinachotsa ena asanu, chifukwa mvula ya ziphaliwali ikatsika ku Malosa magetsi amathima, netiweki imagwa, ndipo maliro a pamudzi sauza munthu kuti abwera liti. Masiku enieni anali 15, theka la amene kalendala inatilonjeza. Chiwerengero chimenechi chimawawa kuchinena pamaso pa mwini ntchito, komabe ndimachinena.

Tikatero timalemba cholinga chimodzi pamwamba pa bolodi. Ulendo umenewu chinali chakuti pofika Lachisanu lachiwiri, wolandira fizi azitha kulemba ndalama ndi kupereka lisiti ngakhale netiweki palibe. Teremu inali itangoyamba, makolo ali pamzere ndi ndalama m'manja, choncho panalibe chofunika kuposa ichi. Ntchito ina iliyonse ya pa bakilogi tinkaifunsa ngati ikutifikitsa pamenepo.

Poyeza kukula kwa ntchito, aliyense amalemba nambala yake pakapepala mobisa, kenaka onse amaonetsa nthawi imodzi, kuti wamng'ono asangotsatira zimene wamkulu wanena. Pa ntchito yolemba malipiro, wina analemba masiku awiri, wina 10. Sitinatenge yapakati. Tinafunsa wa 10 uja kuti waona chiyani. Anati fomu yolembera ndi yosavuta, vuto ndi pamene mafoni awiri alemba malipiro a mwana mmodzi netiweki kulibe, kenaka onse atumiza madzulo. Ndalama ija idzaoneka kawiri kapena kamodzi? Wa masiku awiri uja sanaganizeko zimenezo. Tinazindikira kuti khadi limodzi linabisa ntchito ziwiri, ndipo tinaligawa: fomu masiku anayi, kusunga pafoni ndi kutumiza pambuyo pake masiku 6. Lisiti inatenga atatu, ndipo kukonza vuto lakale la mayina a ana olembedwa kawiri kunatenga awiri, poti lisiti ya dzina lolakwika ndi mlandu. Zonse pamodzi 15, basi tinatseka.

Ahedi anali atapempha kuti makolo azilandira uthenga pafoni akalipira. Ndi ganizo labwino, ndipo linali lachitatu pa bakilogi, koma linkafuna masiku asanu amene tinalibe. Anyamata anafuna kulipanikiza, amvekere tidzagwira usiku. Ndinakana, poti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinapita ndekha kukawauza ahedi. "Ahedi, uthenga uja tiyamba nawo sipulinti ikubwerayi. Mukaufuna pano, tichotse lisiti." Anasankha lisiti.

Tisanabalalike timagwirizananso tanthauzo la mawu akuti yatha. Kwa ife ntchito yatha ngati mnzako waiwerenga khodiyo ndipo yayesedwa pafoni yeniyeni ya wolandira fizi, deta itazimitsidwa. Kugwira pa laputopu ya woilemba sikokwanira.

Bolodi lathu ndi chipupa chabe chokhala ndi mizere itatu: zoti tichite, zili m'kati, zatha. Ngati tinasankha molakwa, zimaoneka Lolemba lachiwiri. Makhadi onse amakhala aunjikana pakati, mzere wa zatha uli mbee, ndipo aliyense akuti yatsala pang'ono. Zikatero palibe woyamba khadi latsopano. Awiri amathandizana kumaliza limodzi. Mu Januwale muja tsikulo linatipeza fomu ndi mayina zili kale pa zatha, ndipo mnyamata amene anamasuka anakakhala pambali pa mnzake wa kutumiza uja, mafoni awiri ali patebulo, akulemba malipiro a mwana mmodzi mobwerezabwereza kuti aone ngati ndalama iwirikiza.