Tchati chisakhale chete kwa wosaona

Ife a pawailesi timadziwa chinthu chimodzi: womvera saona zomwe tagwira m'manja. Polengeza mpira sitinena kuti "onani apo", timanena amene wagoletsa. Koma tikajambula tchati pa sikirini ya foni n'kutumizira anthu, nzeru ija timaiiwala.

Munthu wosaona amawerenga foni ndi pulogalamu yolankhula, monga TalkBack kapena VoiceOver. Ikafika pa chithunzi, imawerenga mawu ofotokozera amene wotumiza anaika pamalo olembedwa kuti Alt text. Malowo akakhala opanda kanthu, amangomva kuti pali chithunzi, mwina ndi dzina la fayilo. Manambala onse a m'tchati amamudutsa.

Maganizo athu ndi akuti mawuwa azinena zimene tchati chikunena, osati mmene chikuonekera. Titenge tchati cha mizati itatu choonetsa kalembera wa anthu m'Zambia. Ambiri tingalembe kuti, "Chithunzi cha tchati cha mizati yobiriwira." Si bodza, koma wosaona wapindulanji? Mtundu wa mizati sumuuza kanthu.

Ife tingalembe motere: "Tchati cha mizati cha chiwerengero cha anthu m'Zambia pa kalembera. Mu 2000 anali 9.9 miliyoni, mu 2010 anali 13.1 miliyoni, mu 2022 anali 19.6 miliyoni. Chiwerengero chawirikiza pafupifupi kawiri m'zaka 22."

Taonani dongosolo lake. Tayamba ndi mtundu wa tchati ndi chimene chikuyezedwa, kenako manambala, chilichonse ndi chaka chake, ndipo tamaliza ndi mfundo imene woona amaigwira akangoponya maso. Liwu loti "miliyoni" talilemba lathunthu, chifukwa tikafupikitsa ndi chilembo cha m chokha, pulogalamu ina ingawerenge ngati mamita. Zaka nazonso n'zofunika: mpata woyamba ndi wa zaka 10, wachiwiri wa zaka 12. Wosamva zakazo angaganize kuti mipatayo ndi yofanana.

Ena amati chilungamo n'kulemba zonse zili pachithunzi. Sitikuvomereza. Nthawi ndi batire zooneka pamwamba pa sikirini zilibe ntchito. Ndipo tchati chikakhala cha zigawo zonse 10 za dziko lathu, manambala ambiri otsatizana amasokoneza khutu. Pamenepo tchulani chigawo chachikulu ndi chaching'ono, n'kunena kuti manambala onse ali m'munsi, kenako muwalembedi m'munsimo ngati mawu wamba. Chitaninso chimodzimodzi pomwe palibe malo a Alt text.

Musanatumize, werengerani mnzanu mawuwo mokweza asanaone chithunzi, ndipo mumufunse kuti tchati chikuti chiyani. Akayankha kuti "anthu achuluka pafupifupi kawiri", mwalemba bwino. Akayankha kuti "pali mizati yobiriwira", bwererani mukalembenso.