Yambani mwatha katapila musanagule mbuzi

Mwezi wa Meyi ukafika pamisika yathu pamakhala phwandaphwanda. Soya wagulitsidwa, mtedza uli pasikelo, ndipo mlimi amene wakhala miyezi isanu osagwira ndalama yooneka tsopano thumba latupa. Nkhani zimene zimamveka pamagolosale ndi zogula mbuzi zoweta, zopikula chimanga choti adzagulitse mu Disembala, kapena zotsegula okala. Maganizo onsewa ndi abwino. Koma ine ndikuti, alimi anzanga, munthu amene ali ndi ngongole ya katapila kapena ya pafoni alibe mpamba woyambira bizinesi, ngakhale ndalamazo zili m'manja mwake.

Vuto ndi loti ambiri timayeza ngongole poona kukula kwake, kapena poona mwini wake amene akubwera pakhomo kawirikawiri. Muyeso woyenera ndi wina. Funsani kuti pa K1,000 iliyonse imene munabwereka, mukulipira zingati pamwezi umodzi. Obwereketsa ena amanena chiwongoladzanja cha pachaka, ena cha pamwezi, ena cha pamasabata awiri, ndipo manambalawo sangafanizidwe pokhapokha mutawaika pa muyeso umodzi.

Tiyerekeze mlimi amene wapeza K300,000 atagulitsa soya, ndipo ali ndi ngongole zisanu. Mu Epulo mwana atadwala anatenga K50,000 kwa wakatapila, pangano lake loti mwezi ukatha abweze K75,000. Pafoni anabwereka K20,000 yoti abweze K22,000 pakatha masabata awiri. Kubanki m'khonde anatenga K60,000 pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Kukalabu kuli ngongole ya feteleza ya K150,000 imene chiwongoladzanja chake ndi K40 pa K100 iliyonse pachaka. Yomaliza ndi K30,000 ya alamu ake, yopanda chiwongoladzanja. Manambalawa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake.

Tikaziika pa muyeso wathu uja, wakatapila akudya K500 pa K1,000 iliyonse pamwezi. Banki m'khonde ikudya K200. Ya feteleza, imene imaoneka yoopsa chifukwa cha kukula kwake, ikudya pafupifupi K33 yokha. Ya alamu sikudya kanthu.

Ya pafoni ndiyo imapusitsa anthu. K2,000 pa K20,000 imaoneka ngati ndalama ya mandasi, ndipo palibe munthu amene amabwera kudzakuchititsani manyazi pamaso pa ana. Koma K2,000 imeneyo ndi ya masabata awiri okha. Munthu amene amabweza lero n'kubwerekanso mawa, monga amachitira ambiri, amalipira kawiri pamwezi, kutanthauza K200 pa K1,000 iliyonse. Chaka chikatha amakhala atalipira pafupifupi K50,000 chifukwa cha K20,000 imene sinakhalepo yake. Mukachedwa kubweza pamabwera chilango pamwamba, ndipo dzina lanu likhoza kutumizidwa ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, kumene mabanki amayang'ana musanapatsidwe ngongole ina. Musanadine batani lovomera, werengani masiku obwezera ndi chilango cha ochedwa. Ngati mwayamba kubwereka pa nambala ya akazi anu kuti mubweze ya pa nambala yanu, dziwani kuti mwalowa kale m'dzenje.

Tsopano tione bizinesi imene mlimi wathuyu akuilakalaka. Tinene kuti thumba la chimanga la makilogalamu 50 walipeza pa K25,000 mu Meyi, ndipo mu Disembala adzaligulitsa pa K40,000. Akasiya kulipira wakatapila n'kugula matumba awiri ndi K50,000, phindu lake pa miyezi isanu ndi iwiri ndi K30,000. Pamenepo sitinachotse mankhwala a anankafumbwe, mtengo wa matumba, kabaza wonyamula, ngakhalenso chimene makoswe adzadye. Pa miyezi yomweyo wakatapila, ngati akungotenga K25,000 yake mwezi ndi mwezi, adzakhala atalandira K175,000, ndipo K50,000 yoyamba ija ikadalipo. Ambiri a iwo satero n'komwe. Amaphatikiza chiwongoladzanja ku ngongole, kotero K75,000 ya mwezi woyamba imasanduka K112,500 mwezi wachiwiri. Ndiuzeni mbuzi imene imaswa motere. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndipo ikhoza kufa kapena kubedwa. Nawonso mtengo wa chimanga sulonjeza: boma likaletsa kutumiza chimanga kunja kapena chimanga chikalowa chambiri kuchokera ku Mozambique, mtengo umaima. Koma K25,000 imene mwaipulumutsa potseka katapila ndi yotsimikizika, siidikira mvula.

Choncho mlimi wathu ayambe wapereka K75,000 kwa wakatapila, pamaso pa mboni, ndipo ngati panali kalata kapena chikole atenge tsiku lomwelo. Kenaka atseke K22,000 ya pafoni, asabwerekenso. Ndaika ya pafoni patsogolo pa ya banki m'khonde ngakhale zikudya mofanana, chifukwa chiwongoladzanja cha kubanki m'khonde chimalowa m'bokosi la gulu ndipo gawo lina limabwerera kwa iye tsiku logawana, pamene cha pafoni chimapita osabwerera. Komabe asaigonere, alipire K72,000 mwezi womwewo. Zitatuzi zatenga K169,000, ndipo watsala ndi K131,000.

Apa m'pamene pamafunika mutu. Ena angamuuze kuti aponye yonseyo ku ngongole ya feteleza. Ine sindikuvomereza msanga. Ayambe wafunsa mlembi wa kalabu zinthu ziwiri: tsiku lomaliza kubweza, ndiponso ngati kubweza msanga kumachepetsa chiwongoladzanja. Pali ngongole zina zimene chiwongoladzanja chake chinawerengedwa kale chonse pachiyambi, moti kubweza mu Meyi kapena mu Seputembala n'chimodzimodzi. Ngongole ya pachaka ngati imeneyi imapepukanso yokha mitengo ya zinthu ikamakwera. Amene anali ndi ngongole yotere pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anabweza ndalama zofooka kuposa zimene anatenga. Wakatapila kugwa kwa kwacha sikumukhudza, chifukwa amathamanga kuposa mitengo.

Koma tsiku lobweza likakhala pafupi, nkhani imasintha. Ngongole ya kalabu ndi ya gulu. Mmodzi akalephera, anzake onse amam'lipirira kapena amamanidwa feteleza chaka chamawa, ndipo mudzi suiwala. Chimodzimodzinso ngongole iliyonse imene munapinyolitsa njinga, ngolo kapena dimba: ngakhale chiwongoladzanja chake chikhale chochepa, isadutse tsiku lake, pakuti dimba la K500,000 likhoza kupita chifukwa cha K40,000.

Pa K131,000 ija ayeneranso kupatula yosungira matenda ndi maliro, ngakhale K30,000, ndi kuonetsetsa kuti m'nkhokwe muli chimanga chofika mwezi wa Malichi. Anthu ambiri sapita kwa wakatapila chifukwa chosadziwa masamu. Amapita chifukwa mwana watentha thupi usiku ndipo m'nyumba mulibe ngakhale ya njinga yopitira kuchipatala. Wolipira ngongole zonse n'kutsala chimanjamanja amabwerera komweko mu Januwale.

Za alamu ake, masamu akuti adikire, ndipo akhoza kudikiradi. Koma asamve kwa anthu kuti soya anagulitsidwa. Mlimi wathu apite yekha, apereke ngakhale K10,000, anene mwezi umene adzamalize. Zikatero watsala ndi K91,000, ndipo yochuluka mwa imeneyi ikudikira kalabu. Mbuzi ya chaka chino mwina ikhala imodzi, yaikazi, yogulidwa ngongole ya feteleza itatha.