Musafulumire kukonza “u-” amene mwamupeza m’ndakatulo

Chaka chatha ndinawononga ndakatulo ya mnzanga, ndipo ndinkaganiza kuti ndikumuthandiza. Ndinali mmodzi mwa okonza zolembedwa za ophunzira zisanasindikizidwe. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri anabweretsa ndakatulo ya mizere 9 yolira bambo ake, amene anali telala. Wandilola kuti ndiilembe pano monga mmene anaiperekera:

Ndinkakhala pansi pa makina awo,
ndinkatola tizidutswa ta nsalu,
iwo ankasoka mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lija ndinali mulaibulale,
foni inalira, sindinayankhe.
Unaiona nambala. Unaidziwa.
Unati udzaimba mayeso akatha.

Mwasiya ulusi m’singano, bambo.
Diresi langa mwalisiya losapinda.

Ine ndinaona zolakwika ziwiri. Munthu wayamba ndi “ndi-”, kenaka pa mzere 6 walumphira ku “u-” osanena kuti akulankhula ndi ndani. Bambo amene anali “iwo” m’ndime yoyamba asanduka “inu” m’ndime yomaliza. Kuyambira ku pulayimale anatiphunzitsa kuti chimangirizo chisamasinthesinthe mwininkhani kapena nthawi ya mneni, choncho ndinatenga cholembera n’kuwongola zonse: “Ndinaiona nambala, ndinaidziwa”, “Anasiya ulusi m’singano”. Ndakatuloyo inatuluka yosalala bwino. Mwini wake atandipeza ku kafeteriya sanakalipe. Anangondifunsa kuti, “Iwe, bambo anga wawachotseranji m’ndakatulo yanga?”

Maganizo anga kuyambira tsiku limenelo ndi akuti lamulo la chimangirizo lija silikuyenera kutsogola tikamawerenga ndakatulo. Mlowam’malo kapena nthawi ya mneni ikasintha mwadzidzidzi, choyamba ndi kulondola kusinthako n’kuona pamene kwagwera. Nthawi zambiri nkhani yeniyeni ya ndakatulo imakhala pomwepo. Chigamulo chakuti mlakatuli walakwitsa chizibwera kumapeto, titayesa.

Kulondolako si ntchito yovuta, koma pa Chichewa kumafuna diso. M’Chingerezi mlowam’malo amaima payekha ndipo amaoneka msanga. Ife timamubisa m’kati mwa mneni. M’mizere 9 ija mulibe mawu akuti “ine”, “iwe” kapena “inu” ngakhale kamodzi, koma anthu onse atatuwo alimo. Zomwe ndimachita tsopano n’kutenga pensulo, kudula mzere kunsi kwa mneni aliyense, n’kulemba m’mphepete mwa pepala zinthu ziwiri zokha: kachidutswa koyamba kosonyeza wochita, ndi kachidutswa kotsatira kosonyeza nthawi. Kenaka ndimawerenga zam’mphepetezo kuchokera pamwamba kutsika, ngati kuti ndakatuloyo palibe.

Tiyeni tiyese ndi ya mnzangayu. Ndime yoyamba ili ndi ndi-nka-, ndi-nka-, a-nka-. Kachidutswa ka “-nka-” ndi ka zinthu zimene zinkachitika kawirikawiri kalelo. Palibe tsiku limodzi lomwe tingaloze, ndi ubwana wonse. Ndime yachiwiri ikutsegula ndi “-na-”, ndipo nthawi yafupika kuchoka pa zaka kufika pa tsiku limodzi, mwinanso mphindi imodzi imene foni inalira. Ndime yomaliza ili ndi “mwa-”, nthawi ya chinthu chimene chachitika ndipo zotsatira zake tikuziona panopa. Tikati “anasiya ulusi” tikufotokoza mbiri. Tikati “mwasiya ulusi” ndiye kuti taima pafupi ndi makinawo ndipo ulusi uli m’singanomo. Mtsikanayu sanalembe kuti anapita kumudzi n’kulowa m’chipinda cha bambo ake. Mneni ndi amene watifikitsa m’chipindamo.

Tsono “u-” uja ndi ndani? Pa Chichewa angakhale anthu atatu. Angakhale munthu wina amene woyankhula wamutembenukira. Angakhale aliyense, monga m’miyambi yathu: tikati ukaipa dziwa nyimbo sitikuloza munthu. Angakhalenso woyankhula mwini akudzilankhula yekha. Ndakatuloyo ndi imene iyenera kutisankhira. Sangakhale bambo, chifukwa mwana sawatchula bambo ake kuti “iwe”, ndipo mizere iwiri kutsogolo akuwapatsa ulemu wawo wa “mu-”. Sangakhale aliyense, chifukwa “u-” wa m’miyambi amayenda ndi “-ka-” kapena “-ma-”, osati ndi tsiku linalake lodziwika. Amene anaona nambala ndi amene anali ndi foni, ndipo amene anali ndi foni ndi amene sanayankhe. Watsala mwini wake.

Apa ndi pamene kuwongola kwanga kunapha ndakatulo. “Ndinaiona nambala” ndi kuulula. Munthu akufotokoza chimene anachita, ndipo womvera akhoza kumupepesa. “Unaiona nambala” ndi kuzenga mlandu. Woyankhula wagawanika pawiri, wina waima n’kuloza chala, wina wakhala chete. Ndi mawu amene munthu amadziuza usiku tulo tikasowa, ndipo amatuluka ndi “iwe” wopanda ulemu, wa kwa mwana wolakwa. Taonaninso pamene kulumphako kwagwera: pambuyo penipeni pa “sindinayankhe”. Pofika pa chinthu chimene sangathe kuchinena ndi pakamwa pake, “ndi-” wasowa, ndipo sabweranso ngati wochita mpaka ndakatulo kutha. Chotsala chake ndi “langa” wa pa diresi basi.

Mawu akuti “sindinayankhe” nawonso ali ndi chinsinsi. Papepala amalembedwa mofanana, koma pakamwa ali pawiri malinga ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu. Akhoza kutanthauza kuti sindinayankhe tsiku lija, nkhani inatha. Akhozanso kutanthauza kuti mpaka pano ndisanayankhe, monga timanenera kuti “sindinadye” pamene tikudikira nsima. Malembedwe athu sasonyeza kusiyanako, choncho wolakatula pagulu ayenera kusankha, pamene wowerenga chamumtima amatha kumva zonse ziwiri nthawi imodzi.

Wina anganene kuti izi ndi za ndakatulo ya mwana wa sukulu, ndipo ine ndikuikometsera chifukwa ndinamulakwira. Koma kachitidweka n’kakale kwambiri. Tengani Salimo 23, limene ambiri a ife tinaloweza tili ana, muliwerenge ndi pensulo. Lili ndi mavesi 6. M’mavesi atatu oyamba wolemba akutiuza za mbusa wake ngati munthu wachitatu. Pa vesi 4, pamene ulendo walowa m’malo oopsa, akusiya kutiuza ife n’kuyamba kulankhula ndi mbusayo maso ndi maso, ndipo akupitiriza chotero pa vesi 5. Pa vesi 6 akubwereranso kumutchula ngati wachitatu. Ndinaliwerenga mokweza kwa zaka zambiri osaona kuti pakati pake womvera wasintha.

Kusinthaku kumayendanso chobwerera. Walt Whitman analemba mu 1865 ndakatulo ya ndime zitatu yolira Abraham Lincoln, ija imene imamuyerekeza ndi woyendetsa sitima yapamadzi. Ndime yachiwiri yonse woyankhula akumuitana woyendetsayo kuti adzuke. M’ndime yachitatu wasiya kumuitana, akungomufotokoza ngati munthu wachitatu. Kusiya kuitanako ndiye kuvomereza kuti munthu wapita. Mnzanga uja anachita mosemphana: anayamba ndi “iwo” wa malemu n’kumaliza ndi “inu” wa munthu amene angathe kumva. Ine nditabweza “a-” ndinawaika bambo ake m’manda iye asanalole. Funso lake la ku kafeteriya lija linali lolondola.

Sindikunena kuti kusintha kulikonse ndi luso. Ndawerenga ndakatulo zambiri za anzanga zimene zimayamba ndi “tiyeni”, kenaka “uyenera”, kenaka “muyenera”, popanda chifukwa china koma kuti wolemba anaiwala amene amalankhula naye, kapena ankafuna mawu omveka mofanana kumapeto kwa mzere. Izo n’zoyenera kukonza. Njira yosiyanitsira ndi kubweza mneni uja ku mmene analili m’mizere yapitayo n’kuwerenga mokweza. Ngati palibe chatayika, kunali kuterereka chabe. Ngati mzere wazizira, monga “Anasiya ulusi m’singano” unazizirira, musaukhudze. Muonenso ngati kusinthako kwagwera pamene chinthu chachitika m’ndakatulo, komanso ngati kwakhazikika. “U-” wa mnzangayu wabwera kanayi motsatizana m’mizere iwiri. Munthu saterereka kanayi pamalo amodzi.

Pensulo nayo imanama ngati wogwira akuthamanga. Mu “ndikukuona” muli “-ku-” awiri, woyamba wa nthawi, wachiwiri ndiye “iwe”, ndipo ndaonapo anthu akuphonya woyankhulidwa chifukwa wabisala pakati pa mneni. “A-” nayenso ndi wonyenga. Kwathu mkamwini akhoza kuima pamaso pa apongozi n’kufunsa kuti “Kodi adzuka bwanji?”, akulankhula nawo mwachindunji. Ndiye musanalembe m’mphepete kuti ndakatulo yachoka pa “inu” kupita pa “iwo”, dzifunseni ngati si ulemu chabe umene wakula. Ndipo kutsika kuchoka pa “mu-” kupita pa “u-” kwa munthu yemweyo, chinthu chimene Chingerezi cha masiku ano sichingathe kuchisonyeza ndi mlowam’malo, kungakhale chipongwe kapena chikondi. Mizere yoyandikana nayo ndiyo ingakuuzeni.

Pali anzanga amene amadandaula kuti kudula mizere kunsi kwa aneni kumasandutsa ndakatulo phunziro la galamala. Ndimawamvetsa, ndipo sindingalangize munthu kutulutsa pensulo powerenga koyamba. Koma ine ndinaiwerenga ndakatulo ija kawiri konse ndi mtima wokhawokha, ndinamva chisoni ndithu, kenaka ndinaiwononga. Chisonicho sichinandiuze pamene chikuchokera.

Tinaisindikizanso monga inalili m’kope lotsatira. Ndikuiwerenga komaliza isanapite, ndinaona chimene ndinachiphonya maulendo onse aja. M’mizere 9 yonse, “-dza-” wa m’tsogolo alimo kamodzi kokha, mu “udzaimba”. Ali m’kati mwa lonjezo limene munthu anadzipatsa mulaibulale tsiku lija, ndipo ndime yotsatira ikuyamba ndi “Mwasiya”.