Chithunzi chiwerengeni ngati kalata, musayambire pa nkhope

Pa 1 Seputembala 2010, atsogoleri asanu anajambulidwa akuyenda pa kapeti yofiira ku White House, m'dziko la Amereka. Patsogolo panali mwini nyumba, Barack Obama. Pambuyo pake panali Benjamin Netanyahu wa ku Isiraeli, Mahmoud Abbas wa ku Palestina, Mfumu Abdullah ya ku Yorodani, ndi Hosni Mubarak wa ku Ejipito amene anali kumbali, atatsalira pang'ono. Patapita masabata awiri, nyuzipepala ya boma la Ejipito, Al-Ahram, inasindikiza chithunzi chomwecho, koma tsopano Mubarak ndiye anali patsogolo pa onse.

Ndikaonetsa zithunzi ziwirizi kwa anthu amene ndimaphunzitsa, ambiri amayamba ndi kunena kuti n'zofanana. Sindiwanena, chifukwa nkhope zonse zisanu n'zenizeni ndipo palibe imene inasinthidwa. Vuto ndi lakuti diso lathu limathamangira ku nkhope, likamuzindikira munthuyo limakhutira n'kusiya kufufuza. N'chifukwa chake ndikunena kuti chithunzi tizichiwerenga monga timawerengera kalata, mzere ndi mzere, ndipo nkhope ikhale yomalizira.

Musanayambe, ikani zithunzi ziwirizo pamodzi pa msinkhu wofanana. Ngati zili pa pepala, tengani pepala lina, muboole kazenera pakati, ndipo muziona kachigawo kamodzi apa kenako kachigawo komweko apo. Ngati zili m'foni, zisungeni motsatana n'kumasuntha ndi chala, kupita ndi kubwerera. Chinthu chimene chinasinthidwa chimaoneka ngati chikudumpha pamene zina zonse zili phee. Mukatero, dzifunseni mafunso anayi motsatana.

Funso loyamba: muli anthu angati, ndipo aliyense waima pati? Werengani mokweza, ndi chala. Pali chithunzi chotchuka cha mu 1937 cha Joseph Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, akuyenda m'mphepete mwa ngalande ya madzi ya ku Moscow pamodzi ndi Voroshilov, Molotov ndi Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi. Yezhov anaphedwa ndi boma lomwelo mu 1940, ndipo chithunzicho chitatulukanso munali anthu atatu okha. Apa kuwerenga kokha kukugwira bodza. Koma pa chithunzi cha Mubarak kuwerenga sikukwanira, chifukwa anthu ndi asanu konsekonse. Muyenera kupitiriza: wakutsogolo ndani, wakumanzere ndani, wakumanja ndani? Bodza la Al-Ahram linali pa malo amene munthu waima.

Funso lachiwiri: kumbuyo kwa anthuwo kuli chiyani? Munthu akachotsedwa kapena kusunthidwa pamatsala mpata, ndipo wosintha chithunzi amayenera kuudzaza. Pamalo pa Yezhov anajambulapo madzi ndi mpanda wa ngalande. Masiku ano amakopera kachigawo kena ka chithunzi chomwecho n'kumata pa mpatawo. Choncho funani zinthu zobwerezeka: mwala womwewo kuoneka kawiri, tsamba lomwelo, kapena mutu womwewo pakati pa khamu la pa msonkhano. Tsatirani ndi chala mizere yowongoka, monga ya chitseko, ya njerwa kapena ya malata. Ikapindika pafupi ndi thupi la munthu kapena kuduka mwadzidzidzi, pamenepo panagwiridwa. Onaninso mithunzi. Panja pali dzuwa limodzi, ndiye mithunzi ya anthu oima pamodzi imagwera mbali imodzi. Munthu wopanda mthunzi pa mapazi ake, pamene anzake ali nawo, mwina anachita kuikidwamo.

Funso lachitatu: manja ali bwanji? Werengani zala, ndipo werenganinso manja enieniwo. Nthawi zina munthu amachotsedwa koma dzanja lake limatsala pa phewa la mnzake. Onani mphete, wotchi ndi chimene dzanja lagwira, ngati zilipo m'zithunzi zonse ziwiri. Malo ofunika kwambiri ndi pamene dzanja limalowa m'malaya. Pa 10 Malichi 2024, banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, ali ndi ana ake atatu. Tsiku lomwelo mabungwe akuluakulu a nkhani monga AP ndi Reuters anachichotsa, ataona kuti dzanja lamanzere la mwana wamkazi silikulumikizana bwino ndi mkono wa juzi yake. M'mawa mwake Catherine anapepesa ndi kuvomera kuti nthawi zina amakonza zithunzi. Nkhope zonse zinali zomwetulira bwino, koma kachigawo kakang'ono ka juzi ndiko kanaulula.

Funso lachinayi: kodi nkhope ndi yomweyo? Musaone kumwetulira. Onani zinthu zimene sizisintha msanga: maonekedwe a makutu, mpata wa mano, chipsera, mphini, makwinya a pa chipumi. Kenako tsikirani pa khosi. Ngati mutu wa wina unamatidwa pa thupi la wina, kawirikawiri khungu la nkhope limasiyana ndi la khosi ndi manja, kapena kuwala kumagwera nkhope kuchokera kumanzere pamene malaya akuwala kumanja.

Mndandandawu uli ndi malire ake, ndipo si kusiyana kulikonse kumene kuli bodza. Wojambula amatha kujambula kangapo pa kamphindi kamodzi, ndiye dzanja limene linali m'mwamba apa likhoza kukhala pansi apo. Zikatero mudzaona kuti anthu onse asuntha pang'ono. Chokayikitsa ndi pamene zonse zili chimodzimodzi, ngakhale makwinya a zovala, koma chinthu chimodzi chokha chasintha. Chithunzi chotumizidwa kambirimbiri pa WhatsApp chimataya kuwala kwake ndipo zala zimaoneka zomatana popanda wina kuzisintha. Mafoni ena amasalaza okha khungu la nkhope. Komanso zithunzi ziwiri zikasiyana, sizikuuzani chimene chili choyambirira. Pamenepo funani chimene chinatuluka kale, ndi amene anachitulutsa. Amene ali ndi intaneti angagwiritse ntchito Google Lens kuti aone malo ena amene chithunzicho chinasindikizidwa.

Ena amati, kodi pali vuto lanji, popeza aliyense amakonza zithunzi? Mkonzi wa Al-Ahram anayankha motero, kuti cholinga chinali kusonyeza udindo waukulu wa Ejipito pa zokambirana za mtendere. Ine sinditsutsa kuwalitsa chithunzi chakuda kapena kudula m'mbali mopanda kanthu. Koma kusuntha munthu, kumuchotsa kapena kuwonjezera khamu ndi kusintha zimene zinachitika. Ngati mwachita zimenezo, lembani pansi pa chithunzi kuti mwatero. Mukapanda kulemba, ndiye kuti mukufuna wowerenga akhulupirire chimene sichinachitike.

Ife amene tikuphunzira kuwerenga tili akulu ndife osavuta kunamizidwa motere, chifukwa mawu akativuta timadalira chithunzi. Pa nthawi ya zisankho, kapena akationetsa chipinda cha sukulu chisanakonzedwe ndi chitakonzedwa, chithunzi chimakhala ngati mboni. Pa chipinda chotero onani ngati mtengo, phiri ndi chiwerengero cha mazenera zili zomwezo, kuti mutsimikize kuti ndi nyumba imodzi. Mboni pa bwalo la amfumu imafunsidwa mafunso. Nachonso chithunzi chifunseni anayiwa musanachitumize kwa mnzanu: anthu, kumbuyo, manja, nkhope.