Razau si "gawo", aphunzitsi anzanga

Tisiye kumasulira razau kuti "gawo". Kuno ku Itepela ndinafunsa ana kuti: simenti ndi mchenga 1:3, zonse pamodzi ndowa 12, za simenti ndi zingati? Ambiri analemba 4. Wolakwa ndinali ine. Anamva "gawo limodzi mwa atatu", n'kugawa 12 patatu.

Pano ndimalemba momwe amanenera amisiri omanga: "Pa ndowa iliyonse ya simenti, thirani ndowa zitatu za mchenga." Kusakaniza kamodzi kukutenga ndowa 4. Kuti zikwane 12 tisakaniza katatu: simenti 3, mchenga 9.

Liwu loti razau ndimalilembabe pambali pa yankho, poti mayeso a Chipwitikizi sadzawamasulira.

Makolo, mwana akanena 4, mufunseni mchenga wotsala. Ndi ndowa 8, kuwirikiza kawiri kokha, osati katatu.